Dandaulo la kalaliki wa ku weyahausi: K300 yodulidwa ndi mawu a pa msonkhano wa m'mawa

Mayi amene nkhaniyi ikuwakhudza anafika pa ofesi yanga Lachitatu pa 3 Epulo, nthawi ya nkhomaliro, anzawo atatsikira kokagula nsima. Anali ndi mapepala anayi othothola m'kope, olembedwa mbali zonse, atawapinda kanayi. Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pa kampani ina yogawa katundu kuno ku Lusaka, cha ku mafakitale, ndipo mayiwa ndi kalaliki wolemba katundu wolowa ndi wotuluka mu weyahausi yathu. Apa n'kuti atagwira nafe zaka zinayi popanda mlandu uliwonse m'faelo yawo. Sinditchula dzina lawo, la manejala amene ankamudandaula, kapena la kampani.

Ndinawapatsa mpando, ndinatseka chitseko, ndipo ndinawerenga mapepala aja iwo ali pomwepo. Munali ululu weniweni. Analemba kuti abwana a ku weyahausi ndi munthu wankhanza, amadana ndi akazi, amakondera anthu a kwawo, ndiponso kuti aliyense akudziwa za chibwenzi chawo ndi mtsikana wina wa ku maakaunti. Mawu akuti "nthawi zonse" ndinawapeza kasanu ndi kawiri. Tsiku, nthawi kapena ndalama sizinatchulidwe paliponse, kupatula mzere umodzi kumapeto kwa tsamba lachitatu wonena kuti "mpaka anandidula malipiro chifukwa cha tsiku la amayi."

Mzere umenewo ndi umene unandiimitsa. Gawo 47 la Lamulo la Ntchito nambala 3 la 2019 limapatsa mkazi aliyense wolembedwa ntchito tsiku limodzi pa mwezi loti asabwere ku ntchito, popanda kalata ya dokotala komanso popanda kufotokoza chifukwa kwa bwana. Ndilo timalitchula kuti tsiku la amayi, ngakhale silifuna kuti munthu akhale ndi mwana, ndipo ambiri amalidziwa ngati tsiku lopuma pa nthawi ya msambo. Ngati wina anadulidwa ndalama chifukwa cha tsikuli, imeneyo ndi nkhani yoti ndikhoza kuitsimikiza madzulo omwewo, pongotsegula pesilipi ndi rejisita. Koma inali itakwiririka pansi pa masamba atatu a zinthu zimene sindikanatha kuzifufuza, ndipo zina mwa izo zikanawabwerera eni ake.

Ndinawauza kuti kalatayo ndikhoza kuilandira momwe inalili, chifukwa palibe lamulo la kampani lokana dandaulo chifukwa cha kalembedwe. Ndinawauzanso zimene zikanatsatira. Munthu wodandaulidwa ayenera kuona zimene akumuneneza kuti ayankhe. Abwana aja akanaona za chibwenzi ndi za kukondera mtundu, akanayankha zimenezo, mwina akanabweza ndi dandaulo lawo la kuipitsidwa mbiri, ndipo mtsikana wa ku maakaunti, amene sanalakwire aliyense pa nkhaniyi, dzina lake likanalowa m'faelo. Za malipiro zikanatsalira kumbuyo.

Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ndiye amadamu, mukuti ndikunama?"

"Ayi amayi. Ndikuti mundipatse zimene ndingapite nazo kwa munthu wina n'kumufunsa kuti, kodi pa tsiku lakuti munali pomwepo, munamva chiyani?"

Sindinawalembere kalata yatsopano, ndipo sindichita zimenezo. Wofufuza akalemba yekha dandaulo limene adzalifufuze, manejala amakhala ndi chifukwa chomveka chonenera kuti mlandu unaphikidwa mu ofesi. Chimene ndinachita ndi kuwafunsa mafunso amene ndimafunsa aliyense: zinachitika liti, kuti, ananena mawu otani enieni, panali ndani, pali pepala kapena uthenga wosonyeza, ndipo mukufuna kampani ichite chiyani. Anatulutsa foni, galasi lake losweka pakona, n'kuyamba kufufuza mauthenga a WhatsApp. Masiku onse anatuluka mmenemo. Ndinawauzanso kuti ali ndi ufulu wokaonetsa kalatayo kwa woimira antchito wa yuniyoni asanaibweretse.

Kalata yachiwiri

Anabwera nayo m'mawa mwake, tsamba limodzi. Ndikuyiika pano nditachotsa maina, ndi chilolezo chawo.

"Kwa a ofesi yoona za antchito. Ndikupereka dandaulo pa zimene a manejala a ku weyahausi anachita pa zinthu zitatu.

Choyamba, Lachitatu pa 14 Febuluwale ndi Lachiwiri pa 19 Malichi ndinatenga tsiku la amayi. Masiku onse awiri ndinawatumizira uthenga pa foni isanakwane 6:30 m'mawa, ndipo mauthengawo ndawaphatikiza. Pa pesilipi ya pa 28 Malichi ndadulidwa K300, ndipo palembedwa kuti ndinajomba masiku awiri.

Chachiwiri, Lachitatu pa 20 Malichi, pa msonkhano wa 7:30 m'mawa pa khomo lopakirira katundu, anandifunsa pamaso pa anzanga kuti ndinene chimene chinandivuta dzulo lake. Nditayankha kuti linali tsiku la amayi, anati, 'Mubwere ndi umboni, tione ngati ndi zoona.' Anthu ena anaseka. Panali anthu pafupifupi khumi ndi awiri, ndipo anayi amene anaima pafupi nane ndawatchula m'munsimu. Ndinachita manyazi kwambiri.

Chachitatu, kuyambira pa 25 Malichi andiika pa shifiti ya masana yoweruka 10 koloko usiku. Ndikuganiza kuti izi zachitika chifukwa cha nkhani yomweyi, koma ndilibe pepala losonyeza zimenezo.

Ndikupempha kuti ndibwezeredwe K300, kuti mawu oti ndinajomba achotsedwe m'faelo yanga, ndiponso kuti ndisafunsidwenso chifukwa cha tsikuli pagulu."

Kalatayi ndimaikumbukira chifukwa cha ndime yachitatu. Mayiwa analekanitsa okha chimene anaona ndi chimene ankaganiza. Sanabise kukayikira kwawo, koma sanakulembe ngati chinthu chotsimikizika. Pamene ndime imeneyi inadzalephera kutsimikizika, palibe amene akanati ananama, ndipo ndime ziwiri zoyamba zinaima osagwedezeka. Akanalemba kuti "anandisintha shifiti pondibwezera", abwana aja akanangotulutsa rosita n'kunena kuti munthu wonama pa chimodzi sangakhulupirike pa zinazo. Ndaona madandaulo oona akugwa mwa njira imeneyi.

Onaninso kuti mawu akuti "ndinachita manyazi" ali momwemo. Kulemba modekha sikutanthauza kuchotsa mtima m'kalata. Mmene zinamukhudzira munthu ndi mbali ya umboni, ndipo iye yekha ndiye angaunene. Chimene sangachinene motsimikiza ndi zimene zili mumtima mwa mnzake.

Kufufuza

Gawo 95 la lamulo lomweli limafuna kuti wolemba ntchito akhale ndi ndondomeko yomvera madandaulo, malamulo a khalidwe, ndi mfundo zoletsa kuzunza antchito. Yathu imati dandaulo liyambe kwa bwana wa pafupi, koma ngati wodandaulidwa ndi bwanayo, lipite mwachindunji ku ofesi yathu. Imatinso tiyankhe kuti talandira pasanathe masiku awiri a ntchito, ndipo timalize kufufuza m'masiku 14 a ntchito. Masiku amenewa ndi a kampani yathu, sachokera m'lamulo, ndipo makampani ena ali ndi awo. Ndinadinda kalatayo pa 4 Epulo, ndinasaina makope awiri, imodzi n'kuwapatsa.

Ndinayamba ndi mapepala ndisanalankhule ndi munthu, chifukwa pepala silisintha nkhani likamva kuti kwabwera dandaulo. Malipiro a mayiwa ndi K3,900 pa mwezi. Ku maakaunti amagawa ndi masiku 26, ndiye tsiku limodzi ndi K150, awiri K300. Zinagwirizana. Ndinapeza kakalata ka manejala ka pa 21 Malichi kolamula kuti masiku onse awiri awerengedwe ngati kujomba. La mu Febuluwale linali litakhala milungu isanu m'rejisita popanda chizindikiro chilichonse, ndipo linasinthidwa tsiku lotsatira msonkhano uja. Mauthenga a pa foni ndinawaona pa foni penipeni, osati pa zithunzi zokha: woyamba unapita 6:10, wachiwiri 6:22, ndipo onse anasonyeza kuti anawerengedwa. Malamulo athu amangopempha kuti munthu adziwitse bwana shifiti isanayambe, 7 koloko.

Apa ndinapezanso vuto la ofesi yanga. Fomu yathu ya tchuthi inali imodzi pa mitundu yonse ya tchuthi, ndipo inali ndi bokosi lolembedwa kuti "chifukwa", pansi pake timawu toti fomu yosadzaza bwino sidzalandiridwa. Mayiwa anasiya bokosilo lopanda kanthu, monga lamulo limawalolera. Fomu yathu inkauza manejala aliyense kuti ali ndi ufulu wofunsa. Komanso kakalata kodula malipiro kanadutsa pa desiki ya mnzanga mu ofesi muno osafunsidwa kanthu. Zimenezi ndinazilemba mu lipoti, chifukwa kuzisiya kukanakhala kusenzetsa munthu mmodzi katundu wa anthu atatu.

Mboni zinayi ndinazifunsa payekhapayekha tsiku limodzi, motsatizana, kuti zisapeze mpata wogwirizanitsa nkhani. Sindinawawerengere kalata. Funso linali lakuti, "Mundiuze zimene mukukumbuka pa msonkhano wa m'mawa wa pa 20 Malichi." Woyendetsa folokolifiti anati anamva abwana akuti "bweretsani umboni". Kalaliki wina wamkazi anati mawu anali akuti "tizionako umboni, masiku amenewa achuluka", ndipo anawonjezera kuti iye mwini anasiya kutenga tsikuli chaka chatha poopa kufunsidwa. Wachitatu anati anamva kuseka koma galimoto inali kulira. Wachinayi, mnyamata wa kontilakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amayi, ine sindinamve kalikonse, ndili ndi ana awiri." Sindinamukakamize. Ndinalemba kuti sanapereke umboni, basi.

Kusiyana kwa mawu a mboni ziwiri zoyamba sikunandidetse nkhawa. Anthu awiri akabwereza chiganizo chofanana ndendende patapita milungu iwiri, ndimayamba kuganiza kuti anakhalirana pansi. Apa mawu anasiyana koma onse anagwira chinthu chimodzi, kuti umboni unafunsidwa, pagulu.

Mbali ya manejala

Ndinawalembera pa 8 Epulo, ndinawapatsa mfundo zitatu zija monga zinalembedwera, ndi masiku atatu oti ayankhe molemba. M'kalatamo ndinawakumbutsa kuti asakambe nkhaniyi ndi wodandaula kapena mboni, ndipo kuti kusintha kulikonse pa ntchito ya mayiwa kudutse kwa ine mpaka nkhani itatha. Lamulo, pa gawo 52, silivomereza kuti kupereka dandaulo kukhale chifukwa chochotsera munthu ntchito, koma kubwezera kwambiri sikufika pa kuchotsa. Kumaoneka m'tinthu ting'onoting'ono, monga ovataimu imene yasiya kubwera kapena tchuthi chimene chikungochedwa kusainidwa.

Anabwera ku ofesi atakwiya, ndipo ndinawasiya alankhule. Ndi bambo amene anayamba ngati wonyamula katundu zaka zoposa khumi zapitazo, ndipo weyahausi amaidziwa kuposa wina aliyense. Anati, "Mayi, inu mumakhala mu ofesi. Pa 19 tinali kuwerenga katundu. Makalaliki ndili nawo asanu, atatu ndi akazi, ndipo tsiku limenelo awiri sanabwere. Ndinaweruka 9 koloko usiku. Ndani anandifunsa ine?"

Zimenezo zinali zoona, rejisita inavomereza. Vuto lawo linali lenileni, ndipo kampani inali isanawathandize kulikonzekera. Ndinawauza choncho. Koma ndinawafunsa ngati anapempha umboni pa msonkhano. Anavomera, n'kunena kuti inali nthabwala, komanso kuti fomu imafuna chifukwa. Za kudula malipiro sanakane. Ankakhulupirira kuti tsiku la amayi liyenera kuvomerezedwa ndi bwana kaye, monga tchuthi cha pachaka. Nditawaonetsa gawo 47, analiwerenga kawiri, chala chili pa mzere, ndipo anafunsa kuti, "Ndiye ngakhale pa tsiku lowerenga katundu?" Ndinati inde, ngakhale pa tsikulo.

Ndikuona kuti kalata ya tsamba limodzi ija inathandiza kuti bamboyu avomere. Sinawatchule kuti ndi munthu woipa. Inawaika pamaso pa zinthu zitatu zimene akanatha kunena kuti ndinachita kapena sindinachite, ndipo munthu savutika kwambiri kuvomera chochita chimodzi kusiyana ndi kuvomera kuti iye yense ndi wankhanza.

Pa za shifiti anabweretsa rosita. Inatumizidwa pa imelo kwa makalaliki onse Lachisanu pa 15 Malichi, masiku anayi tsiku lachiwiri lija lisanafike. Izi zokha sizinandikwanire, chifukwa tsiku la mu Febuluwale linali litadutsa kale ndipo likanatha kukhala chifukwa. Ndinatenga marosita a miyezi isanu ndi itatu. Makalaliki amasinthana shifiti ya masana milungu isanu ndi umodzi iliyonse, motsatira mndandanda umodzi, ndipo pa 25 Malichi inalidi nthawi ya mayiwa. Palibe amene anadumphidwa kuti iwo alowe.

Zimene ndinapeza ndi zimene zinachitika

Mu lipoti la kwa mkulu woyang'anira ntchito za kampani ndinalemba kuti mfundo yoyamba yatsimikizika ndi mapepala komanso kuvomera kwa manejala. Yachiwiri yatsimikizika pa mfundo yakuti umboni unafunsidwa pagulu, ngakhale mawu enieni sakudziwika ndendende, ndipo kunena kuti inali nthabwala sikuchotsa manyazi amene munthu anachititsidwa pa nkhani ya thupi lake pamaso pa amuna ogwira nawo ntchito. Yachitatu sinatsimikizike. Ndinasankha mawu amenewa mosamala ndipo ndinafotokoza kuti sindikunena kuti wodandaula ananama: anakayikira pa chifukwa chomveka, poona kuti shifiti inayamba patangopita masiku asanu chichitikire msonkhano uja.

Chilango sindinagamule ndine. Amene wafufuza sayenera kukhalanso woweruza. Nkhani inapita ku komiti ya anthu atatu, manejala anapatsidwa mlandu wolembedwa ndi mpata wodziteteza ali ndi mnzake womuperekeza, ndipo komiti inawapatsa kalata yochenjeza yokhala m'faelo miyezi isanu ndi umodzi, monga malamulo athu amanenera pa kulakwa koyamba kwa mtundu umenewu. Komiti inaganiziranso za fomu yathu ija pochepetsa chilango. Ndinaona kuti zinali zoyenera.

K300 inabwezedwa pa malipiro a Epulo, pa mzere wakewake kuti ioneke, ndipo mawu oti anajomba anafufutidwa m'rejisita ndi siginecha yanga pambali. Fomu tinaisintha: tsiku la amayi lili ndi kapepala kake kolemba dzina ndi deti lokha. Kakalata kalikonse kodula malipiro tsopano kamafuna kuti wantchito afunsidwe kaye ndi ofesi yathu. Pa masiku owerenga katundu, mkulu anavomera kuti kalaliki mmodzi wa ku maoda azikhala wokonzeka kukathandiza ku weyahausi. Kalaliki wina uja, amene anasiya kutenga tsiku lake, ndinakamuuza pandekha kuti fomu yasintha.

Mayiwa ndinawaitana pa 23 Epulo kuti ndiwapatse yankho lolembedwa. Ndinawauza zimene zatsimikizika, zimene sizinatsimikizike, ndi kuti kampani yachitapo kanthu motsatira malamulo ake. Mtundu wa chilango sindinawauze, chifukwa chili m'faelo ya munthu wina. Sizinawasangalatse. Anati, "Ine anandichititsa manyazi pagulu, koma iwo chilango chawo n'cham'chipinda." Ndinalibe yankho lowakhutiritsa, ndipo mpaka lero ndimaona kuti mawu awo ali ndi mfundo. Ndinafunsa manejala ngati angapepese pa msonkhano wa m'mawa, koma kupepesa sikulamulidwa. Anasankha kupepesa mu ofesi yanga, ine ndilipo, ndi mawu ochepa. Pa msonkhano wotsatira anangolengeza za kapepala katsopano n'kunena kuti palibe adzafunsidwe chifukwa.

Ndinawafotokozeranso mayiwa njira zotsala ngati sanakhutire: apilo kwa mkulu wa kampani m'masiku asanu a ntchito monga ndondomeko yathu imanenera, ofesi ya Komishinala wa za Ntchito ku Unduna wa za Ntchito, ndipo pamapeto pake nthambi ya Khoti Lalikulu yoona milandu ya ntchito, kumene dandaulo limayenera kufika m'masiku 90 kuchokera pamene njira za pa kampani zatha. Sanapange apilo. Za shifiti anapempha chinthu china, kuti galimoto ya kampani yotula antchito usiku izifika mkati mwa Kanyama m'malo mowasiya pa msewu waukulu. Limenelo linali pempho latsopano, ndipo ndinalitumiza kwa a zamagalimoto padera.

Patapita milungu isanu ndi umodzi ndinaonanso rejisita, ovataimu ndi mafomu a tchuthi a makalaliki onse asanu. Maola a ovataimu a mayiwa sanatsike poyerekeza ndi anzawo. Anatenga tsiku lawo mu Meyi, ndipo kalaliki mnzawo uja anatenganso lake, koyamba m'miyezi khumi ndi umodzi. Mnyamata wa kontilakiti anamuwonjezera miyezi ina isanu ndi umodzi. Mayiwa ndi abwana awo amalankhulana za ntchito zokha. Mapepala anayi oyamba aja anawatenga okha tsiku lomwe lija, ndipo sanalowe m'faelo iliyonse.